Mtima nawo umawerenga masiku a msambo

 Lero ndikufuna tikambe za kagundidwe ka mtima ndi momwe kamasinthira pamene mayi akuyandikira kumwezi, ali kumwezi, ndiponso akamaliza. Nkhaniyi ndinaidziwa bwino pa thupi langa lomwe, kenako ndinaigwiritsa ntchito molakwika pa mlamu wanga. Ndikuuzani zonse ziwiri.

Achimwene anga amagwira ntchito ku Joni. Chaka china atabwera ku tchuthi anandibweretsera wotchi ija yoyeza kugunda kwa mtima, ndipo amayi athu kumudzi anawabweretsera makina oyezera bipi. Wotchiyo ndinkagona nayo. M'mawa uliwonse inkandionetsa manambala awiri pa foni. Yoyamba inali yoti mtima wanga ukugunda kangati pa mineti imodzi ndikakhala ndikupuma. Yachiwiri inkalembedwa kuti HRV, ndipo ndiifotokoza kutsogoloku. Masabata awiri oyambirira nambala yoyamba ija inkasewera pa 67 ndi 68. Kenako inayamba kukwera pang'onopang'ono, 70, 71, mpaka 73. Ija ya HRV inatsika kuchoka pa 51 kufika pa 43, ndipo foni inayamba kundilembera mawu akuti Stress ngati kuti pali chimene chikundidya mumtima. Sindinkadwala, ntchito inali yomwe ija, kunyumba kunalibe mkangano. Ndine namwino, koma ndikuuzeni zoona, ndinachita mantha. Ndinafika poganiza zopempha kuti andijambule mtima.

Ndisanapite, ndinayamba kusamba. Patatha masiku atatu nambala ija inabwerera pa 68, HRV inakweranso. Apo ndi pamene ndinatenga kope n'kuyamba kulemba tsiku ndi tsiku, pambali pake n'kumaika tsiku la msambo. Ndinalemba miyezi itatu, ndipo miyezi yonse itatu zinayenda njira imodzi.

Kuti timvane, tiwerenge masiku momwe timawerengera kuchipatala. Tsiku loyamba ndi tsiku limene magazi ayamba kutuluka. Kuyambira pamenepo mpaka tsiku limene msambo wina udzayambe, kwa ine pamapita masiku 29. Kwa ena ndi 26, kwa ena 32, zonsezo n'zabwinobwino. M'kope langa, mtima unkagunda mofatsa kwambiri cha pa tsiku la 4 mpaka la 7, msambo ukutha. Unkakhala choncho, mwina kukwera ndi kamodzi, mpaka cha pa tsiku la 13. Kuyambira pamenepo unkayamba kukwera, ndipo pofika tsiku la 22 mpaka la 27 unali pamwamba. Kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti ndisambe unkayamba kutsika. Kusiyana kwa pansi ndi pamwamba kunali kugunda 5 kapena 6 pa mineti, basi.

Ine kusiyana kwanga n'kokulirapo pang'ono kuposa kwa amayi ambiri. Mu 2017 madokotala a ku Switzerland anafalitsa zimene anapeza atayeza amayi 91 ndi kachibangiri kogona nako usiku. Anapeza kuti m'masiku amene dzira likutuluka mtima unkagunda kowonjezera pafupifupi 2 pa mineti poyerekeza ndi masiku osamba, ndipo patatha sabata dzira litatuluka unkawonjezera pafupifupi 4. Nambala iyi muisunge m'mutu, chifukwa ndi imene ili ndi ntchito m'nkhani yonseyi. Msambo umakweza kugunda kwa mtima ndi 2, 4, kwa ena 6. Sumakweza ndi 20.

Chimene chimachititsa ndi ichi. Mwezi uliwonse dzira limodzi limakhwima m'basiketi ya mazira n'kutuluka, kawirikawiri kutatsala masiku pafupifupi 14 kuti msambo wotsatira uyambe. Pamalo pamene dziralo latulukira pamatsala kachotupa kakang'ono, ndipo kameneka kamayamba kupanga homoni yotchedwa pulojesiteroni. Ntchito yake ndi kukonza chiberekero kuti ngati mimba yakhala, ipeze pokhala. Koma homoniyi siima m'chiberekero mokha, imayenda ndi magazi thupi lonse. Imakweza kutentha kwa thupi ndi madigiri 0.3 mpaka 0.5, n'chifukwa chake ena a inu mumataya bulangete usiku masiku oyandikira kumwezi pamene amuna anu afunda mpaka kumutu. Imafulumizanso kupuma pang'ono. Thupi likatentha choncho, mtima umawonjezera liwiro. Ngati mimba sinakhale, kachotupa kaja kamafota patatha pafupifupi masabata awiri, homoni ija imatsika, msambo umayamba, kutentha ndi kugunda kwa mtima zimabwerera pansi.

Tsopano HRV ija. Mtima wabwino sugunda ngati wotchi ya pakhoma. Mpata wapakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake umasinthasintha pang'ono kwambiri, mwakuti ndi makina okha amene amatha kuuyeza bwino. Amauyeza m'tizigawo ta sekondi, sekondi imodzi ataigawa magawo 1,000, ndipo pa foni amalemba kuti ms. Mpata wina ukhoza kukhala magawo 800, wotsatira 850, wotsatiranso 790. Kusiyanasiyana kumeneko ndiye HRV. Chodabwitsa kwa anthu ambiri n'chakuti kusiyanaku kukakhala kwakukulu ndiye bwino, chifukwa kumasonyeza kuti thupi lapuma mokwanira.

Ganizani za njinga yotsika phiri. Mtima paokha ukanamagunda pafupifupi ka 100 pa mineti. Chimene chimaugwira kuti uzigunda ka 60 kapena 70 mukakhala pansi ndi mtsempha wina wochokera ku ubongo, osati wa magazi koma wa mauthenga, umene umagwira ntchito ngati buleki. Bulekiyu amagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, motsatira kupuma kwanu. Mungathe kudzimvera nokha. Gwirani pa mkono pamene pamagunda, kokani mpweya pang'onopang'ono, mumva kugunda kukufulumira pang'ono. Tulutsani mpweyawo pang'onopang'ono, mumva kukuchedwa. Kwa ana ndi atsikana zimamveka bwino kwambiri, kwa agogo sizimveka kwenikweni. M'masabata awiri aja dzira litatuluka, buleki ameneyu amagwira mofookerapo. Ndiye mtima umafulumira pang'ono, mipata ija imayamba kufanana, HRV imatsika. Wotchi yanga sinkadziwa kuti ndili pa tsiku la 24. Inkangoona kuti HRV yatsika n'kumandinena kuti ndili ndi nkhawa.

Ambiri a inu mulibe wotchi yotere, ndipo simukuluza kanthu kwenikweni. Mawotchi ena otchipa a pamsika amaonetsa manambala ngakhale mutawaveka pa mwendo wa mpando. Ndipo nambala ya HRV simungaiyerekeze ndi ya mnzanu, chifukwa imasiyana malinga ndi zaka, thupi, ndi mtundu wa wotchi. Wina 30 ndi yabwino kwa iye, wina 70. Imakhala ndi tanthauzo mukaiyerekeza ndi yanu yomwe ya masiku ena. Chimene aliyense angathe kuyeza ndi kugunda kwa pa mineti, ndipo pamafunika zala ziwiri ndi foni ya mabatani yoonetsa masekondi.

Yezani m'mawa mutangodzuka, musanatsike pa bedi kapena kudzuka pa mphasa, musanapite kukatunga madzi, musanamwe tiyi, mwana asanayambe kulira. Tembenuzani dzanja, chikhatho chiyang'ane kumwamba. Ikani chala chamkombaphala ndi chapakati cha dzanja linalo pa mkono, m'munsi mwa chala chachikulu, m'kangalande kali pakati pa fupa ndi mtsempha wolimba uja. Musakanikize kwambiri, kugundako kumasowa. Musagwiritse ntchito chala chachikulu, chili ndi kugunda kwakekwake ndipo chikusokonezani. Mukakupeza, werengani mineti yonse yathunthu.

Pa mineti yathunthupa ndikakamire pang'ono. Kuchipatala mzere ukatalika anamwino ena amawerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa ndi 4. Pofuna kudziwa ngati wodwala ali pa ngozi, njira imeneyo ndi yokwanira. Koma taonani: mukaphonya kugunda kumodzi kokha m'masekondi 15 amenewo, yankho lanu lalakwika ndi 4. Ndipo 4 ndiye kusintha konse kumene msambo umabweretsa. Mukhoza kuona kusintha pamene palibe, kapena kuphonya pamene kulipo. Makina a bipi nawo amawerenga kugunda kwa mtima. Ndi nambala yachitatu ija, ya pansi pa SYS ndi DIA, yolembedwa PUL. Ambiri mumangoona ziwiri zapamwamba, yachitatuyi n'kumaisiya. Ndipo tisasokoneze zinthu ziwirizi: kuthamanga kwa magazi kumene timati bipi ndi kwina, kuthamanga kwa mtima ndi kwina. Munthu akhoza kukhala ndi bipi yabwino mtima ukuthamanga.

Musaweruze ndi tsiku limodzi. Kugona mochedwa, kutentha kwa mu Okutobala, kumwa madzi ochepa, mowa, kudzuka kangapo usiku kuyamwitsa, chilichonse mwa izi chimatha kukweza kugunda ndi 3 kapena 5 m'mawa mwake. Lembani m'kope miyezi iwiri kapena itatu, kenako muone masiku a sabata imene mumamaliza kusamba, muwayerekeze ndi a sabata yomaliza musanasambe. Ndi pamene njira yake imaonekera.

Ena a inu mudzalemba miyezi itatu osaona kukwera kulikonse. Ngati muli pa jakisoni wa miyezi itatu, zimenezo n'zoyembekezeka, chifukwa jakisoniyu amaletsa dzira kutuluka, ndiye kachotupa kopanga homoni kaja sikakhalapo. Mapilitsi olera nawo amaletsa dzira, choncho kusinthaku kumachepa kapena kumatsatira mapilitsiwo. Mayi woyamwitsa amene sanayambenso kusamba kawirikawiri sakuonanso. Amene ali ndi lupu ya kopa dzira limatulukabe, ndiye kusintha kumakhalapo monga mwa masiku onse.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitu mwa ena: ndiye ndingamaziwerengere ndekha kuti ndidziwe masiku osatenga mimba? Ayi, chonde musayesere. Mbewu ya abambo imatha kukhala ndi moyo m'thupi la mayi mpaka masiku 5 ikudikira dzira. Pamene mtima wanu ukwere moti inu n'kutsimikiza, masiku otengera mimba amakhala atayamba kale kapena atadutsa. Komanso chimfine chokha chimatha kukunamizani. Za kulera kambiranani ndi alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala.

Tsopano za mlamu wanga, akazi a achimwene anga aja. Iwo amakhala kumudzi ndi amayi, ndipo ndi amene amawayeza bipi m'mawa uliwonse. Anayamba kumadziyeza nawonso. Tsiku lina anandiimbira foni.

"Alamu, nambala ya pansi ija kwa ine ikumakwera. Kale inkakhala 78, pano ikumafika 96. Ndikakwera kamtunda ka ku mjigo ndikumamva mtima m'makutu."

Ine nthawi imeneyo nkhani ya m'kope langa inali itandilowa kwambiri, ndinkaiona paliponse. Ndinawafunsa funso limodzi lokha, ngati ali pafupi kusamba. Anati ali kumwezi panopa. Ndinawayankha kuti, "Musadandaule alamu, ndi mwezi umenewo, mtima umatero. Zitsika zokha." Anathokoza, tinakamba za fetereza, foni n'kudula.

Ndinalakwa pawiri, ndipo zonse ziwiri zinali m'mawu awo omwewo. Choyamba, kuchoka pa 78 kufika pa 96 ndi kukwera ndi 18. Msambo sufika pamenepo. Chachiwiri, anandiuza kuti ali kumwezi, nthawi imene mtima umayenera kukhala ukutsika. Kwa iwo unkakwera pa nthawi yolakwika. Ndikanamvetsera bwino ndikanafunsa kuti akusamba masiku angati ndipo akusintha kangati.

Patatha masabata asanu ndinapita kumudzi ku maliro. Ndinawapeza akusenda nyemba pakhonde, ndipo nditangowapatsa moni ndinaona zikhatho zawo. Zinali zoyera ngati aviika mu ufa. Ndinawakoka chikope cha m'munsi, m'kati mwake munalibe kufiira. Lilime chimodzimodzi. Ndinawagwira pa mkono atakhala pansi kwa nthawi, ndinawerenga 104. Apo ndi pamene ndinafunsa mafunso amene ndinayenera kufunsa pa foni paja. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ankasamba masiku 9 kapena 10, magazi a mibulu, masiku atatu oyamba akusintha nsalu maola awiri aliwonse, usiku kudzuka kawiri. Sanauze munthu. Ankati mwina ndi ukulu, popeza ali ndi zaka 41, komanso nkhani zoterezi ungayambe bwanji kuuza apongozi.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala. Muyeso wa magazi unapezeka 7.6. Mayi wosayembekezera amayenera kukhala ndi 12 kapena kuposa, ndipo pansi pa 8 timati magazi achepa kwambiri. Powajambula anapeza zotupa za m'chiberekero, zija si khansa koma zimachulukitsa msambo. Magazi akachepa, amene atsalawo amanyamula mpweya wochepa, ndiye mtima umathamanga kuti uwazungulitse mofulumira. Ndi chimene makina aja ankawauza m'mawa uliwonse. Anawayambitsa mapilitsi owonjezera magazi ndi mankhwala ochepetsa kutaya magazi, n'kuwapatsa tsiku lokaonana ndi dokotala wa amayi. Patatha miyezi itatu muyeso unafika 11, PUL inabwerera pa 80. Pobwerera kunyumba tsiku loyamba lija ndinawapepesa. Anangoti, "Nanga pa foni mukanaona bwanji maso anga, alamu?" Koma ine ndikudziwa kuti maso sanali ofunika, manambala anandipatsa okha.

Ndiye mukamayang'ana kope lanu kapena PUL ya pa makina, muziona kukula kwa kusinthako, nthawi imene kwabwera, ndiponso ngati kukubwerera. Kwa msambo n'kochepa, kumabwera dzira litatuluka, ndipo kumatsika mukayamba kusamba. Munthu wamkulu akakhala akupuma mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100, koma musadikire kuti mudutse 100. Ngati mwazolowera 72 ndipo kwa masiku angapo mukupeza 88 m'mawa, pali china chimene chikuchitika, ngakhale 88 ili m'kati mwa malire.

Kwathu kuno choyamba kuganizira ndi malungo kapena matenda ena otenthetsa thupi. Digiri imodzi ya kutentha imawonjezera kugunda pafupifupi 10 pa mineti, ndipo kumakwera mwadzidzidzi, m'tsiku limodzi kapena awiri, osati pang'onopang'ono ngati kwa msambo. Mukamva kuphwanya m'thupi, mutu kapena kuzizidwa, kayezetseni malungo tsiku lomwelo, musati ndi zizindikiro za kumwezi. Kuchepa kwa magazi kumakwera mwakachetechete mwezi ndi mwezi monga zinachitira kwa alamu, ndipo kumabwera ndi kutopa, phuma pa ntchito yaing'ono, chizungulire, ena amalakalaka kudya dothi. Ngati mumasamba kupitirira masiku 7, kapena mumasintha maola awiri asanakwane, pemphani kuti akuyezeni magazi ngakhale mukuona ngati muli bwino. Palinso chithokomiro chogwira ntchito mopitirira: mtima umathamanga mwezi wonse, manja amanjenjemera, thukuta silitha, munthu amawonda akudya bwino.

Pali nthawi ina imene kugunda kumakwera bwinobwino dzira litatuluka, koma tsiku losamba likafika sikutsika, ndipo msambo subwera. Nthawi zambiri imeneyo ndi mimba, chifukwa kachotupa kaja sikafota, homoni imapitirira. Mimba ikamakula mtima umawonjezerabe, mpaka 10 kapena 20 pa mineti m'miyezi yomaliza. Koma kugunda kwa mtima si choyezera mimba. Msambo ukachedwa ndi sabata, yezetsani mkodzo, ndipo ngati ilipo kayambeni sikelo msanga.

Abambo, apa ndi panu. Ngati akazi anu adumphitsa msambo, kenako ayamba kumva kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, makamaka mbali imodzi, akutuluka timagazi takuda pang'ono kapena osatuluka n'komwe, akuchita chizungulire akaimirira, manja azizira, mtima ukugunda ka 110 kapena 120 mofooka, mwina akudandaulanso nsonga ya phewa, musadikire kuti kuche. Ikhoza kukhala mimba yokhala mu chubu, kunja kwa chiberekero, imene yaphulika, ndipo magazi akutayikira m'kati momwe simungawaone. Musawapatse chakudya kapena chakumwa, chifukwa angafunike opaleshoni. Agonekeni, pezani galimoto kapena njinga yamoto, wina akhale kumbuyo awagwire. Mukafika, nenani pakhomo pomwepo tsiku limene anasamba komaliza ndi nambala imene mwawerenga pa mkono. Chimodzimodzi ngati mtima ukugunda mosokonekera, kudumphadumpha, limodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kukomoka, kaya ndi tsiku liti la mwezi.

Ine wotchi ija inatha batire chaka chatha ndipo sindinagulenso ina. Ndimawerenga ndi zala m'mawa, mwana asanadzuke. Lero ndili pa tsiku la 23, ndapeza 72, ndipo sabata yamawa ndikuyembekezera kuona 68. Alamu nawo pano ali ndi kope lawo. Analigawa pawiri, kutsogolo amalemba bipi ya amayi, kumbuyo amalemba PUL yawo ndi masiku amene asamba, ndipo amapita nalo limodzi ndi buku la kuchipatala akamakaonana ndi dokotala.